A Banda Awiri, Ngongole Imodzi: Sipuredishiti Kapena Detabesi?

Bizinesi yogulitsa pangongole imayambira mu kope. Kasitomala aliyense ali ndi tsamba lake, dzina pamwamba, zomwe watenga mmunsi, ndipo akalipira mumangodula mzere ndi bolopeni. Kope limagwira ntchito yake bwino makasitomala akakhala makumi awiri kapena atatu, chifukwa theka la zolemba limakhala m'mutu mwa mwini bizinesi. Amadziwa kuti "mayi a pa chigayo" ndi ndani, amadziwanso kuti "abusa" amalipira mwezi ukatha. Zinthu zimasintha makasitomala akadutsa zana, kwabwera mtsikana wothandiza pa kauntala ndi mnyamata wokasiya katundu pa njinga yamoto. Apa m'pamene mwana wa mchemwali amene anaphunzira za kompyuta amati, "Anti, zonsezi tiike mu Excel." Pakapita chaka amabwera wina n'kunena kuti Excel ndi ya ana, bizinesi yeniyeni imafuna detabesi. Onse awiri akunena zoona pang'ono, ndipo onse awiri akhoza kukuonongetsani ndalama.

Kuti nkhaniyi igwirike, tiyerekeze mayi wina wa mu Lilongwe amene amaoda mazira ku mafamu n'kumaperekera magolosale, malesitilanti ndi maloji. Ambiri mwa makasitomala ake amatenga lero n'kulipira pang'onopang'ono, ena pamanja, ena pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Kuti masamu aphweke, tinene kuti thireyi imodzi ndi K10,000. Mayiyu ndi wongopeka, koma mavuto amene akumane nawo ngodziwika kwa aliyense amene anasungapo ngongole za anthu pa kompyuta.

Sipuredishiti ndi pepala lalikulu la timabokosi, la mizere yopingasa ndi madanga otsika, lomwe limatha kuwerengera lokha. Pulogalamu yoyamba yotchuka ya mtunduwu inali VisiCalc, yomwe Dan Bricklin ndi Bob Frankston anatulutsa mu 1979. Excel inabwera mu 1985, ndipo Google Sheets mu 2006. Zonsezi anazipangira anthu owerengera ndalama, ofuna kusintha nambala imodzi n'kuona momwe zina zonse zikusinthira. Ubwino wake ndi wakuti mumatsegula n'kuyamba kulemba pomwepo, popanda kufunsa munthu. Kuipa kwake n'komwekonso. Sipuredishiti siikana kanthu. Mukalemba dzina m'danga la ndalama, imalandira. Mukalemba munthu mmodzi kanayi, imalandira. Ili ngati wantchito waulemu kwambiri amene amangoti "chabwino bwana" ngakhale mukumutuma kumalo olakwika.

Detabesi yomwe anthu ambiri amatanthauza ndi ija yosunga zinthu m'matebulo angapo olumikizana. Maganizo ake anawalongosola Edgar F. Codd, katswiri wa ku kampani ya IBM, mu 1970. Mfundo yake yaikulu ndi yosavuta kuimva: chinthu chilichonse chilembedwe pamalo amodzi okha, ndipo kwina konse kumene chikufunika muzingolozerako. Musanalembemo kanthu, mumayamba mwaiuza malamulo, ndipo ikawamva imawasunga. Ndiye kusiyana kwenikweni kwa ziwirizi sikuli pa kukula. Kuli pa kukana.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa anthu ambiri amafunsa funso lolakwika. Amati, "Kodi Excel idzadzaza liti?" Tsamba limodzi la Excel ya masiku ano limatenga mizere 1,048,576, ndipo Google Sheets imalola timabokosi 10 miliyoni. Mayi wathu atamalemba maoda 40 tsiku lililonse osapuma, pachaka akhala ndi mizere 14,600. Angafe ndi ukalamba tsambalo lisanadzaze. N'zoona kuti kudzaza kunachitikapo, ndiponso kunachititsa manyazi akuluakulu: mu 2020 bungwe la Public Health England linaphonya kuwerengera anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 chifukwa chogwiritsa ntchito mtundu wakale wa fayilo ya Excel, wotchedwa `.xls`, womwe umathera pa mizere 65,536. Koma limenelo ndi vuto la boma lowerenga dziko lonse. Wogulitsa mazira amagwa kale asanafike ngakhale pa mzere wa chikwi, ndipo chomugwetsa n'china.

Tsamba limodzi, zonse momwemo

Mwana wa mchemwali uja anapanga zomwe aliyense amapanga tsiku loyamba. Anatsegula tsamba limodzi n'kulemba pamwamba: tsiku, dzina, foni, dera, mathireyi, ndalama, zolipira, zotsala. Kasitomala akabwera, mzere watsopano. Mwezi woyamba zinkaoneka zokongola kuposa kope.

Mwa makasitomala a mayiyu muli a Banda awiri, monga momwe zimakhalira paliponse kwathu kuno. Wina ali ndi golosale ku Kawale, wina ali ndi lesitilanti ku Area 25. Mwini bizinesi amalemba "Banda Kawale". Mtsikana wa pa kauntala amalemba "Bambo Banda". Mnyamata wa njinga, potumiza uthenga, amangoti "Banda golosale". Kwa munthu, atatuwa ndi mmodzi. Kwa kompyuta ndi anthu atatu osiyana, ndipo ngakhale kampata kamodzi kosaoneka kotsalira kumapeto kwa dzina kamakwana kuti fomula iphonye mzere. Tsiku lomwe mayiyu afuna kudziwa ngongole ya a Banda a ku Kawale, amasefa dzina "Banda Kawale" n'kupeza mizere isanu ndi umodzi, pomwe ina itatu yabisala pansi pa "Bambo Banda". Choipa kwambiri, imodzi mwa mizere ya "Bambo Banda" ndi ya a ku Area 25. Munthu amene analipira kale akuimbiridwa foni yomukumbutsa ngongole, amene sanalipire akugona tulo tabwino. Kasitomala womunamizira ngongole sakangana nanu nthawi yaitali. Amangoyamba kuoda kwina.

Kenako a Banda a ku Kawale asintha nambala ya foni. Nambala yakale ili m'mizere isanu ndi inayi. Wina aikonza m'mizere iwiri yomaliza, ina n'kuisiya. Pakapita miyezi itatu palibenso wodziwa kuti yolondola ndi iti. Ichi ndicho chizindikiro choyamba chakuti zolemba zanu zayamba kudwala: chinthu chimodzi chalembedwa malo ambiri, ndipo malowo ayamba kutsutsana.

Nambala za foni zili ndi msampha wawo wapadera. Nambala zathu zimayamba ndi ziro, koma Excel imaona ngati ndi nambala yowerengera, ndiye imachotsa ziroyo. Mukalemba `0999000000` imasunga `999000000`. Mukati muyambe ndi nambala ya dziko, `265999000000`, manambala afika khumi ndi awiri ndipo imakuonetsani `2.65999E+11`. Mankhwala ake ndi kusankha danga lonse la foni musanalembemo kanthu, n'kulisintha kukhala `Text`. Masiku nawo amavuta. Kompyuta zambiri zimabwera zitatcheredwa mwa Chimereka, choncho `03/04` yomwe inu mukutanthauza 3 Epulo, iyo imaimva ngati 4 Malichi, ndipo `25/04` imangoisunga ngati mawu chifukwa kulibe mwezi wa 25. Mungazindikire poona mbali yomwe zolembazo zatsamira: masiku enieni amatsamira kumanja kwa kabokosi, osanduka mawu amatsamira kumanzere. Musadzione ngati mbuli zikakuchitikirani. Akatswiri a sayansi ya za chibadwa anavutika nazo zaka zambiri, Excel ikusandutsa mayina monga `MARCH1` kukhala tsiku, mpaka mu 2020 anangogonja n'kusintha mayinawo.

Ngozi yoopsa kuposa zonse imachitika mwakachetechete. Wina afuna mayina akhale mu dongosolo la alifabeti, asankha danga la mayina lokha, adina `Sort`. Excel imachenjeza, koma munthu wothamanga amangodina kuti ipitirize. Mayina asanjika bwino, ndalama zatsala pomwe zinali. Tsopano dzina lililonse laima pafupi ndi ngongole ya munthu wina. Akasunga fayiloyo n'kuitseka, ndipo palibe ina yosungira, chotsala n'kubwerera ku kope, ngati silinayatsidwe kale mbaula.

Musathamangire detabesi, yambani mwagawa tsamba

Apa ambiri amati madzi afika m'khosi, tiitane wodziwa za detabesi. Ine ndimati dikirani kaye. Mavuto ambiri amene tatchulawa sanabwere chifukwa cha Excel, anabwera chifukwa chothira nyemba, mpunga ndi mchere m'thumba limodzi. Zinthu zomwe mayiyu akusunga ndi zitatu zosiyana: anthu, katundu yemwe atenga, ndi ndalama zomwe alipira. Chilichonse chikhale ndi tsamba lake m'fayilo yomweyo.

Tsamba loyamba, `Makasitomala`, lili ndi mzere umodzi wokha pa munthu aliyense. Danga loyamba ndi nambala ya kasitomala, yomwe mumapereka nokha motsatizana: 1, 2, 3. A Banda a ku Kawale akhale 17, a ku Area 25 akhale 42. Nambalayi siisintha, siipatsidwa kwa wina ngakhale mwiniwake atasamuka, ndipo isakhale nambala ya foni, chifukwa foni imabedwa, imasinthidwa, ndipo banja limodzi limatha kugwiritsa ntchito foni imodzi. Pambali pake mulembe dzina, foni ndi dera, kamodzi kokha.

Tsamba lachiwiri, `Maoda`, lili ndi madanga asanu ndi limodzi: A nambala ya oda, B tsiku, C nambala ya kasitomala, D mathireyi, E mtengo wa thireyi, F zonse pamodzi. Dzina mulibemo, muli nambala yokha. Tsamba lachitatu, `Malipiro`, lili ndi A nambala ya risiti, B tsiku, C nambala ya kasitomala, D ndalama, E njira yolipirira. Malipiro aliwonse, ngakhale a K5,000, ndi mzere wakewake. Chizolowezi chofufuta nambala ya "zotsala" n'kulemba ina chitheretu, chifukwa chimafafaniza mbiri, ndipo kasitomala akati "ine ndinalipira Lachisanu lija" mulibe chomuonetsa.

Tsopano tiwerenge. Pa 3 Epulo kasitomala 17 watenga mathireyi 20, ndiye K200,000. Pa 10 Epulo watumiza K120,000 pa foni. Pa 17 Epulo watenganso mathireyi 15, K150,000. Pa 24 Epulo wapereka K100,000 pamanja. Katundu yense ndi K350,000, zolipira K220,000, ngongole K130,000. Nambala imeneyi simuilemba ndi dzanja. Pa tsamba la `Makasitomala`, mu mzere wachiwiri, muika fomula iyi n'kuikokera mpaka pansi:

```
=SUMIFS(Maoda!F:F, Maoda!C:C, A2) - SUMIFS(Malipiro!D:D, Malipiro!C:C, A2)
```

Mwachidule fomulayi ikuti: phatikiza maoda onse a nambala yomwe ili mu `A2`, uchotsemo malipiro onse a nambala yomweyo. Kaya mtsikana wa pa kauntala amawatchula bwanji a Banda, bola walemba 17.

Wina angafunse chifukwa chiyani mtengo ukulembedwa pa oda iliyonse, pomwe tangonena kuti chinthu chilembedwe kamodzi. Funsoli ndi labwino, ndipo apa ophunzira ambiri amapunthwa. Tiyerekeze kuti mtengo munauika m'kabokosi kamodzi, mafomula onse n'kumalozera komweko. Mu Meyi chakudya cha nkhuku chakwera, thireyi yafika K11,000, mwasintha kabokosi kaja. Nthawi yomweyo mathireyi 35 omwe a Banda anatenga mu Epulo awerengedwanso pa mtengo watsopano, ndipo ngongole yawo yadumpha kuchoka pa K130,000 kufika pa K165,000 iwo asanatenge ngakhale dzira limodzi. Mtengo wa lero ndi chinthu china, mtengo womwe munagwirizana pa tsiku la oda ndi chinanso. Wachiwiriwu ndi mbiri, ndipo uyenera kukhazikika pa mzere wake. M'dziko limene mitengo imasintha kawirikawiri, cholakwika ichi chokha chikhoza kukudanitsani ndi makasitomala onse tsiku limodzi.

Mukagawa chonchi, mwatenga kale nzeru ya Codd n'kuiika mu sipuredishiti. Onjezerani zinthu ziwiri. Dinani mkati mwa zolemba za tsamba lililonse n'kukanikiza `Ctrl+T`, kuti Excel izione ngati tebulo limodzi lomwe mizere yake imayendera pamodzi posanja. Kenako pa danga C la `Maoda` ndi la `Malipiro` ikani `Data Validation` yoloza ku nambala za makasitomala, kuti munthu akalemba nambala yomwe kulibe, ikane. Bizinesi ya munthu mmodzi kapena awiri, ya makasitomala mazana angapo, ikhoza kuyenda zaka pa dongosolo limeneli osalipira aliyense.

Pomwe mpanda wa sipuredishiti umathera

Koma mpanda umenewu ndi wa udzu. `Data Validation` imagwira munthu wolemba ndi zala, koma wina akakopera kabokosi kwina n'kukamata pamenepo, lamulolo limafufutika popanda chenjezo. Tiyerekeze kuti mwa njira imeneyi K100,000 ya pa 24 Epulo yalembedwa pa nambala 71 m'malo mwa 17, ndipo kasitomala 71 kulibe. Ndalamazo zili m'fayilo, koma sizili pa dzina la munthu aliyense. Ngongole ya a Banda ikuoneka K230,000. Palibe chofiira, palibe belu. Njira yozindikirira ndi yakuti Loweruka lililonse muphatikize danga F lonse la `Maoda`, muchotse danga D lonse la `Malipiro`, n'kuyerekeza ndi ngongole zonse za pa tsamba la `Makasitomala`. Zikasiyana, pali mzere wamasiye. Zimatheka, koma zikudalira kuti munthu akumbukire kuchita zimenezi sabata iliyonse, ngakhale sabata ya maliro.

Mu detabesi lamulo silikhala pa kabokosi, limakhala m'maziko a tebulo lenilenilo. Nachi chitsanzo cha momwe amalembera, m'chinenero chotchedwa SQL:

```
CREATE TABLE malipiro (
  risiti     INTEGER PRIMARY KEY,
  kasitomala INTEGER NOT NULL REFERENCES makasitomala(nambala),
  tsiku      DATE NOT NULL,
  ndalama    INTEGER NOT NULL CHECK (ndalama > 0)
);
```

Simukuyenera kudziwa kulemba zimenezi, koma ndi bwino kudziwa zomwe zikunena, kuti mudzathe kufunsa amene mwamulemba ntchito. `PRIMARY KEY` ikuti nambala ya risiti isabwerezedwe. `NOT NULL` ikuti malowo asasiyidwe opanda kanthu. `CHECK` ikukana ndalama za ziro kapena zochepera ziro. Mawu ofunika kwambiri ndi `REFERENCES`: malipiro sangalowe ngati kasitomala wake kulibe, ndipo kasitomala sangafufutidwe malipiro ake akadali m'buku. Nambala 71 ija ikanabwezedwa pakhomo pomwepo, kaya yalembedwa ndi zala, kaya yamatidwa. Ndipo poti mzere uliwonse ndi chinthu chimodzi chomangika, kusanja mayina sikungawalekanitse ndi ndalama zawo.

Ndisakunamizeni, detabesi si sing'anga. Kasitomala 71 akanakhalapo, ndalama za a Banda zikanalowa kwa iye bwinobwino, chifukwa lamulo silinaphwanyidwe. N'chifukwa chake fomu yolembera iyenera kuonetsa dzina ndi dera munthu akangosankha nambala, kuti maso aone. Malamulo ena mukawaika mopupuluma amakulumani nokha. Mukalamula kuti nambala ya foni isabwerezedwe, tsiku lomwe mayi ndi mwana wake, aliyense ndi golosale yake, apereka nambala imodzi, detabesi ikana wachiwiriyo ndipo pa kauntala payamba mzere.

Chachiwiri chomwe chimagwetsa sipuredishiti ndi kuchuluka kwa manja. Mayi wathu watsegula shopu yachiwiri ku Area 25. Fayilo yayamba kuyenda pa WhatsApp ndi pa flashi. Pakutha pa mwezi pali `ngongole.xlsx`, `ngongole yatsopano.xlsx` ndi `ngongole yeniyeni 2.xlsx`, ndipo iliyonse ili ndi malipiro omwe inzake ilibe. Google Sheets imathetsa mbali imeneyi, chifukwa onse amalemba m'fayilo imodzi ndipo imasunga mbiri ya amene anasintha chiyani. Koma imafuna bandulo ndi netiweki, ndipo siithetsa vuto lachitatu.

Vuto lachitatulo ndi la maso. Mnyamata wa njinga akufunika kudziwa dzina, dera ndi foni ya kumene akukasiya mazira lero. Sakufunika kudziwa kuti loji yakutiyakuti ili ndi ngongole yaikulu bwanji, kapena kukhala ndi mndandanda wonse wa makasitomala m'thumba mwake. Mu sipuredishiti, amene watsegula fayilo waona zonse, ndipo kubisa tsamba ndi `Hide` kuli ngati kutseka chitseko ndi chingwe. Tsiku lomwe wantchito wachoka mutakangana, amapita ndi makasitomala anu onse pa foni yake. Detabesi yokhala pa seva, monga PostgreSQL kapena MySQL, imalola kuti aliyense alowe ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, wina aloledwe kulemba malipiro koma osafufuta, wina aone maoda a lero okha. Nkhaniyi siilinso ya bizinesi yokha. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, lomwe MACRA ndiyo imayang'anira, ndipo mayina, mafoni ndi ngongole za makasitomala ndi zinthu za eni ake zomwe inu mwangosungitsidwa.

Ndiye muyeso wanga ndi uwu. Ngati olemba ndi mmodzi kapena awiri okhulupirirana, pamalo amodzi, khalani pa sipuredishiti ya masamba atatu. Ngati olemba afika atatu kapena kuposa, ali m'malo osiyana, ena sayenera kuona zonse, kapena mukutaya theka la Loweruka kusakasaka chifukwa chomwe manambala sakugwirizana, nthawi ya detabesi yakwana, ngakhale makasitomala anu atakhala 150 okha.

Mtengo womwe sakuuzani

Mawu akuti "detabesi" amabisa zinthu zosiyana. Microsoft Access imayenda pa kompyuta za Windows zokha, imabwera ndi mafomu ndi malipoti ake, ndipo fayilo yake imathera pa 2 GB, zomwe kwa wogulitsa mazira ndi nyanja. Koma ikadali fayilo, yoyenera ofesi imodzi, osati mashopu awiri otalikirana. LibreOffice Base ndi yaulere ndipo imachita zofanana nazo. PostgreSQL ndi MySQL n'zaulere, koma zili ngati injini yopanda thupi la galimoto: pamafunika munthu womanga mafomu ndi malo osungira pa intaneti omwe mumalipira mwezi ndi mwezi. SQLite, yomwe D. Richard Hipp anayamba mu 2000 ndipo ili mkati mwa mafoni ambiri, ndi yomwe achinyamata ambiri amagwiritsa ntchito popanga mapulogalamu ang'onoang'ono. Ili ndi kakhalidwe kamodzi kofunika kukadziwa: lamulo la `REFERENCES` lija silimagwira ntchito pokhapokha pulogalamu italiyatsa ndi `PRAGMA foreign_keys = ON;`. Mnyamata akaiwala mzere umenewu, mwagula detabesi yomwe imavomera zonse ngati Excel. Palinso mapulogalamu okonzedwa kale osungira makasitomala ndi maakaunti, omwe mkati mwake ndi detabesi, koma ambiri amalipiritsa mwezi uliwonse m'madola, ndipo aliyense kuno akudziwa kuti madola amapezeka movuta bwanji.

Mtengo waukulu si wa pulogalamu, ndi wa munthu. Sipuredishiti mukafuna danga latsopano, mwachitsanzo la nkhuku zoyamba kugulitsidwa pambali pa mazira, mumaliika nokha mphindi imodzi. Detabesi yomwe anakumangirani wina imafuna iyeyo. Akapeza ntchito ku Joni n'kusintha nambala, mwatsala ndi bokosi lokhoma lomwe chuma chanu chili mkati. Choncho musanalipire, gwirizanani zinthu zitatu polemba: pasiwedi yaikulu ikhale ndi inu, pakhale batani lotulutsa matebulo onse ngati mafayilo a `.csv` nthawi iliyonse yomwe mwafuna, ndipo pakhale pepala lofotokoza matebulo ndi malamulo ake loti mmisiri wina angawerenge n'kupitiriza.

Kusamuka kwenikweniko kumatenga nthawi pa kuyeretsa, osati pa kukopera. Amene anagawa kale masamba atatu amapeza kuti tsamba lililonse likungosanduka tebulo. Amene akuchokera pa tsamba limodzi losakaniza ayenera kukhala pansi ndi mwini bizinesi, mzere ndi mzere, kugamula kuti "Bambo Banda" uyu ndi 17 kapena 42. Ntchito imeneyi katswiri sangakuchitireni, chifukwa sawadziwa anthuwo. Detabesi idzakana mizere ina polowetsa, ndipo mzere uliwonse wokanidwa ndi cholakwika chomwe chinali m'buku mwanu kale. Musamuuze mmisiri kuti azimitse malamulo kuti zonse zilowe. Chenjeraninso ndi fayilo ya `.csv`: mukaitsegula mu Excel n'kuisunga, maziro a mafoni aja akhoza kuthawanso. Mukamaliza, yerekezani nambala zitatu mbali zonse ziwiri, kuchuluka kwa makasitomala, maoda onse pamodzi ndi malipiro onse pamodzi, kenako tsegulani kasitomala 17 muone ngati K130,000 ikadali K130,000. Mwezi woyamba lembani mbali zonse ziwiri, ngakhale n'zotopetsa.

Ndipo musatayiretu Excel. Detabesi ndi nkhokwe, sipuredishiti ndi lichero. Mukafuna kuona kuti phindu likhala bwanji thireyi ikafika K12,000, kapena kuti mwezi uti mazira amayenda kwambiri, mumatapa manambala m'nkhokwemo n'kukapetera pa sipuredishiti. Chofunika n'chakuti zolemba zenizeni zikhale pamalo amodzi okha.

Pali chinthu chimodzi chomwe sichisankha mbali. Laputopu imabedwa, imagwa, magetsi akabwera mwamphamvu imapsa. Kaya ndi Excel kaya ndi Access, fayilo yokhala pa kompyuta imodzi yokha ili pangozi kuposa kope lija, lomwe wakuba salifuna n'komwe. Madzulo aliwonse koperani fayiloyo kumalo ena, flashi yokagona kunyumba kapena malo osungira a pa intaneti, ndipo muziika tsiku m'dzina lake, monga `ngongole-2025-04-24.xlsx`, kuti ya dzulo isafufutidwe ndi ya lero yomwe mwina yasokonekera kale. Kamodzi pamwezi tengani imodzi mwa mafayilo osungidwawo, muitsegule pa kompyuta ina, muone ngati ikutseguka ndiponso ngati a Banda a ku Kawale akadali pa nambala 17.